Makilomita Amene Bambo Anawerenga ndi Zala

Tinali pakhonde m'mawa umenewo, tonse anayi, tiyi akuzizira m'makapu chifukwa manja onse anali pa mazira. Ine ndinkatola m'ndowa, amayi ankapukuta ndi kansanza, amuna anga ankaika m'mathireyi. Bambo anga ntchito yawo inali yogogoda. Chiyambire vuto la ng'ala m'maso mwawo, amatenga mazira awiri n'kuwagundanitsa pang'ono pafupi ndi khutu, ndipo long'aluka amalimva ngakhale mng'aluwo usakuoneka.

"Ili ndi lanu, aphunzitsi," anatero bambo, akupereka dzira kwa amuna anga. "Silikafika kutauni. Likazingidwe."

Amuna anga analandira osaliyang'ana n'komwe. Maso awo anali pa foni, pa chithunzi chimene anali atationetsa kale kasanu. Inali pikapu yoyera mbee, itaima pamiyala, dzuwa likunyezimira pagalasi.

Ndimaweta nkhuku za mazira, ndipo mazirawo ndimakapereka kusukulu yogonera komweko ndi m'magolosale atatu a m'tauni. Ndimapita nawo pa minibasi. Amene sananyamulepo mazira pa minibasi sangamvetse. Umapempha, umachonderera, kondakitala amavomera ndi mutu, kenako pasiteji yotsatira amaika thumba la simenti pamwamba pa mathireyi ako. Kwa zaka zinayi ndinkasunga ndalama kuti ndigule galimoto yangayanga. Sindinasinthe malata odontha a kuchipinda, sindinagule chovala chooneka. Tsopano ndalamazo zinali zitakwana, ndipo zinali zokwana galimoto imodzi yokha. Ndikanalakwitsa, panalibe pobwerera.

"Makilomita 88,000 okha," anatero amuna anga. "Galimoto ya zaka zisanu ndi ziwiri. Mwini wake anali mayi wina wa mu ofesi, ankangopita nayo kuntchito ndi kutchalitchi."

"Galimoto zogulitsa zonse eni ake amakhala amayi opemphera," bambo anayankha, akugogoda mazira ena. "Sindinamvepo yoti inkatuta njerwa."

Amayi anaseka mpaka kansanza kanagwa. Amuna anga sanaseke.

"Bambo, mita yake ndi yamagetsi. Si zija zakale za manambala ozungulira. Iyi sabweza."

"Zakale zija ndiye zinali zovuta, aphunzitsi. Munthu ankatuluka thukuta, kumasula dashibodi, kutembenuza timawilo ta manambala kamodzikamodzi. Akamaliza manambala ankatsala ena okwera ena otsika, ngati mano a nkhalamba, ndipo tinkadziwira pomwepo. Zamagetsizi amangolumikiza kompyuta. Tiyi asanazizire, gogo wabwerera kuutsikana."

Bambo anayendetsa galimoto zaka makumi atatu ndi chimodzi, poyamba malole a kampani, kenako ambulansi. Anasiya maso atayamba kuchita chifunga. Masiku ano munthu akaima pakhomo amangoona chithunzithunzi, amamuzindikira akalankhula.

"Bambo apita nafe," ndinatero.

Amuna anga anaika foni pansi. "Mayi, a Jekete, amene akugulitsa galimotoyi, ndinaphunzira nawo kalasi imodzi. Tinkakhala desiki imodzi. Ndawauza kale kuti lero tikubwera kudzatenga. Kupita ndi munthu wokafufuza kuli ngati kuwanena kuti ndi wakuba."

"Dzira lililonse pano timaligogoda. Kodi timakhala tikuinena nkhuku kuti ndi yakuba?"

"Komanso," iwo anatsitsa mawu, ngati kuti bambo sanali pomwepo, "akaona chiyani?"

"Manambalawo sindikawaona," anatero bambo mosakwiya. "Ndiye sangandinamize. Amake mwana, tandipatseni chipewa changa chija."

"Adalaivala abwerera pantchito," anatero amayi akudzuka. "Musakagule ndege kumeneko."

Tinafika kumalo ogulitsirako galimoto dzuwa lili pamutu. Unali mpanda wa malata, pansi atathira miyala, galimoto khumi ndi ziwiri zitandandalikidwa mphuno zonse kuloza kuchipata. Ofesi inali kontena yopentedwa buluu. Mwini malowo anatuluka atatambasula manja. Anthu amawatcha a Jekete chifukwa ngakhale kutenthe bwanji savula jekete, ndipo tsiku limenelo thukuta linali litadutsa kale kukhosi kwa malaya.

"Mnzanga wa pa desiki! Alamu! Mwabwera ndi madala omwe? Khalani pamthunzi apa, madala, ndikuitanitsireni chozizira."

"Zikomo, mwanangu, ndakhala kale mokwanira pa minibasi. Ndiperekezeni kwa mkwatibwiyo."

Kunena zoona, pikapuyo inali yokongola. Nditaigwira pachitseko mtima unagunda. Ndinaona kale mathireyi anga atasanjidwa kumbuyo, opanda simenti pamwamba. M'kati munkanunkhira mafuta onunkhiritsa, mipando itavekedwa makava atsopano, chiwongolero chitakulungidwa ndi kava yachikopa. A Jekete anatembenuza kiyi, manambala anayaka pa dashibodi.

"Werengani nokha, alamu. Ine sindiyankhula, galimoto iyankhula yokha."

"88,214," ndinawerenga mokweza kuti bambo amve.

Bambo anandipatsa ndodo yawo. Anagwira chitseko cha dalaivala chili chotsegula, n'kuchinyamula pang'ono kumapeto kwake. Chinakwera, chinatsika, chikugogoda. Anachitanso kachiwiri.

"Chatsegulidwa kambiri ichi," anatero, ngati akudzilankhulira.

Kenako anayendetsa zala pamphuthu pa chitsekocho, kuchokera pamwamba kutsika, pang'onopang'ono. Anaima pamalo ena, n'kudinikiza chala, n'kuchichotsa.

"Mwanawe, taona apa. Pakumata."

Ndinawerama. Panali kamalo ka ngodya zinayi, koyera kuposa penti yozungulira, m'mbali mwake muli ulimbo wakuda ndi fumbi.

"Panali sitika," ndinatero.

"Ya sevisi. Akasintha oyilo amamata apa, kulemba makilomita amene galimoto yafika ndi amene idzabwererenso. Yapita kuti?"

"Anyamata otsuka, madala," anatero a Jekete akuseka. "Amakanda chilichonse. Mukawasiya angakande ndi nambala yomwe."

"Zimachitika," bambo anavomera.

Anakwera n'kukhala pampando. Sanagwire kanthu poyamba. Anangokhala, n'kudzigwedeza pang'ono uku ndi uku, kenako analowetsa dzanja pansi pa kava, mbali ya kuchitseko, pamene munthu amatsetserekera potsika.

"Siponji yatha mbali ino. Ndikukhudza chitsulo. Mayi wopempherayo anali wonenepa bwanji?"

"Anali ndi thupi ndithu," anatero a Jekete.

"Ayenera kuti anali nalo."

Anavula nsapato ya kumanja. Amuna anga anayang'ana kumbali ndi manyazi, chifukwa sokosi ya bambo inali yobooka pachala chachikulu. Bambo anapondaponda zopondera zonse zitatu ndi phazi la sokosilo, kenako anawerama n'kuzigwira ndi dzanja.

"Bwera, uike dzanja apa. Ichi ndi cha kilatchi, ichi cha buleki. Ukumva chiyani?"

"Mizere yakuthwa. Labala wake ndi watsopano."

"Watsopano ngati wa dzulo. Tsopano ichi cha moto."

Chinali chosalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha, mbali imodzi chitadyeka mpaka kupyapyala.

"Zitatuzi zinabadwa tsiku limodzi," anatero bambo. "Ziwiri zavala zatsopano, chimodzi chakalamba. Labala wa buleki pa 88,000 amakhala atangoyamba kufufutika, safuna kusintha. Tukula mphasa iyo."

Ndinatukula kamphasa katsopano ka labala kamene kanali pansi. Kapeti ya pansi pake inali ndi dzenje pamene pamakhala chidendene, lobooka mpaka kuonekera chitsulo. Dzira likanakhazikika bwinobwino m'menemo.

Amuna anga anasuzumira paphewa panga.

"Madala, galimoto ndi injini," anatero a Jekete. "Kapeti sikoka katundu. Tamverani kulira kwake." Analiza injini. Inalira bwino, sindinganame.

"Ikulira bwino," anatero bambo. "Zimitsani, tisawononge mafuta anu. Kava iyi ndingaichotse?"

Sanadikire yankho. Anakoka kava ya chiwongolero mbali imodzi n'kuyendetsa chikhatho mozungulira. Anatenga dzanja langa n'kuliika pansi pa chiwongolero, pamene sipagwidwagwidwa. Panali timiyalamiyala, ngati khungu la lalanje. Analisunthira m'mwamba, pamene pamakhala manja. Panali poterera, ponyezimira ngati mpini wa khasu lakale. Mutu wa giya unalinso chimodzimodzi, manambala a magiya atafufutika moti wachitatu sankaoneka n'komwe.

"Mpini sunama zaka zimene walima," anatero bambo.

Kenako anapapasa m'mphepete mwa galasi la mita, kumene kuli timasikuluwu tiwiri toyang'ana pansi. Anandiuza kuti ndiunike ndi foni. Mitu yake inali yokandika, penti yakuda itachoka, chitsulo chikuwala.

"Pamenepa panalowa sikuludiraiva," ndinatero.

"Mwina ankasintha babu," anatero amuna anga. Kanali koyamba kulankhula chilowere m'galimotomo, ndipo mawu awo anali ngati a munthu amene akupempha.

"Mwinadi," anatero bambo. "Aphunzitsi, ine sindinanene kuti munthu waba. Chilichonse mwa izi, pachokha, chili ndi chifukwa chake. Sitika imakandika. Babu limapsa. Munthu wonenepa aliko. Koma mwana akabwera kwa inu Lolemba kuti agogo amwalira, Lachiwiri njinga yaphulika, Lachitatu mbuzi yadya kope, mumatani?"

Amuna anga anangokanda m'mutu.

A Jekete anapita mu ofesi n'kubwera ndi kabuku. "Kuti nkhani ithe. Buku la sevisi ili. Zidindo zonse zilimo, kuyambira ili yatsopano mpaka lero. Mapepala sanama."

"Apatseni aphunzitsi," anatero bambo. "Zolemba ndi munda wawo."

Amuna anga anatsegula kabukuko ataika pa boneti. Ndinaima pambali pawo. Munali zidindo zisanu ndi zitatu, pa chilichonse tsiku ndi makilomita: 10,000, 20,000, kukwera choncho mpaka 80,000. Ine ndinaona kuti zili bwino, ndipo mtima wanga, umene unali utayamba kulemera, unapepukako. Koma amuna anga anabwerera patsamba loyamba. Anatsegula lomaliza. Anabwereranso. Ananyamula kabukuko kuloza kudzuwa, monga amachitira ndi makope a ana pakhonde kunyumba. Ndinaona khutu lawo likugwedera, zimene zimachitika akagwira mwana wokopera.

"Mayi," anandiitana motsitsa. "Zaka zisanu ndi ziwiri, bolopeni imodzi."

"Mwati bwanji?"

"Taonani. Tsamba loyamba inki yakuda bwino. Lachinayi yayamba kuchepa. Lachisanu ndi chiwiri ikudukaduka, mpaka anabwereza nambala iyi kawiri. Bolopeni imodzi inkatha munthu atakhala pampando umodzi. Ndipo m'galaja muja anthu manja awo amakhala a oyilo. Buku ili lilibe ngakhale chala chimodzi chakuda."

Anatseka kabukuko mosamala n'kukabweza kwa mwini wake, osamuyang'ana kumaso.

"Aaa, mnzanga," anatero a Jekete, "ukufuna kundichongera ngati mayeso? Galaja ina ili ndi kalaliki mmodzi, waukhondo."

"Titsegulireni boneti," ndinatero.

Injini inali yotsukidwa mpaka mapaipi akuwala. Bambo anapapasa kutsogolo kwake, pa chivundikiro chapulasitiki, ndipo anapezanso pomata pena popanda sitika.

"Apa pamakhala ya lamba wa tayimingi. Nayonso anyamata aja anakanda. Ndi akhama anyamata anu." Anayendetsa dzanja kumbali mpaka anapeza bokosi lakuda lokhala ndi tizitsulo totsekera. "Aphunzitsi, tsegulani ili. Muli sefa ya mpweya. Kanikizani tizitsuloti, tidumpha tokha."

"Mumenemo muli fumbi lokha, madala," anatero a Jekete. "Mudetsa malaya a aphunzitsi."

"Amachapa ndine," ndinatero. "Tsegulani, aphunzitsi."

Amuna anga anatsegula n'kutulutsa sefa, yozungulira ngati kandowa, mapepala ake opindapinda atachita khofi ndi fumbi.

"Kumalole kuja," bambo anafotokoza, "makaniko wanzeru sankakhulupirira sitika, chifukwa imachoka ndi madzi. Akaika sefa yatsopano ankalemba pa sefa pomwepo, tsiku ndi makilomita, kuti mnzake wodzatsegula adziwe. Si onse amatero. Mwina uyu sanalembe. Tatembenuzani muone kuchitsulo kwake."

Amuna anga anatembenuza. Anapukuta fumbi ndi chala chachikulu. Panali zolemba za penti yoyera, zopendekera, za munthu wolemba ataimirira. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Werengani, aphunzitsi. Zolemba zoipa munazizolowera."

"241,300," anawerenga. "Mwezi wachitatu, chaka chatha."

Kunja kwa mpanda wina ankaitanira makasitomala, ndipo lata lina la mpandawo linkalira ndi kutentha.

"Sefa imeneyo inachokera m'galimoto ina," anatero a Jekete mofulumira. "Yakeyake inang'ambika, tinangotenga ya pikapu ina yakufa kuti tiikemo."

"N'zotheka," anatero bambo. "Galimoto yaing'ono chonchi, mwaigulira makava, mwaigulira malabala, mwaigulira ndi mafuta onunkhira, koma sefa mwaipatsa ya malemu. Chabwino."

A Jekete anapukuta khosi ndi mpango. Anandikokera pambali, kufupi ndi kontena, n'kutsitsa mawu.

"Alamu, tisamvere za akuluakulu, amakonda kukayikira. Inenso galimotoyi ndinaigula chonchi, za m'mbuyo sindizidziwa. Koma poti ndinu akazi a mnzanga, ndikuchotserani. Ndichotsa kwambiri ndithu. Yotsalayo mugulire nkhuku zina. Lero lomwe mupita nayo kunyumba, mawa mazira akwera galimoto yawoyawo."

Anatchula mtengo watsopano, ndipo unali wotsikadi. Ndinayang'ana pikapu ija. Ndinaganiza za kondakitala ndi simenti yake, ndi za mvula imene inali pafupi, nthawi imene mathireyi amanyowa pasiteji n'kufewa ngati buledi. Ndinapita kwa bambo, amene anali atakhala pa bampala akuvala nsapato.

"Bambo, atsitsa. Kodi galimoto ya 250,000 ndi yakufa?"

"Ayi," anatero. "Ndisakunamize. Ndayendetsapo ya 500,000, inkadzuka m'mawa uliwonse kuposa ine. Koma ija ndinkaidziwa. Ndinkadziwa tsiku limene inasinthidwa chilichonse. Iyi sefa ikuti 241,300 chaka chatha. Kuchokera pamenepo yayenda angati, palibe akudziwa. Lamba wa tayimingi uja ali ndi makilomita ake osinthira. Iwe uziyang'ana mita, uziti nthawi ikadalipo, pamene mwina inadutsa kale. Akaduka uli pa liwiro, za m'kati mwa injini zimagundana, ndipo ndalama yokonzera ulibe, chifukwa yonse wapereka pano. Lamba ungasinthe mawa, inde. Nanga kilatchi? Nanga giyabokosi? Uziyamba kufunsa chimodzichimodzi, wokuyankha palibe." Anamanga chingwe cha nsapato. "Koma ndalama ndi zako, mwanawe. Zaka zinayi ndi zako. Ine ndangokuwerengera."

Ndinabwerera kwa a Jekete.

"Alamu, ndipempha ziwiri, musankhepo chimodzi. Mundipatse nambala ya mayi wopemphera uja ndilankhule naye. Kapena mawa tipite nayo kugalaja yaikulu ya galimoto za mtundu uwu, akaiike pa kompyuta, akaonenso m'mabuku mwawo ngati inapitako ndi makilomita angati. Zolipira kumeneko ndilipira ine. Zikagwirizana ndi mita iyi, ndigula pa mtengo woyamba uja, osachotsa."

"Mayi uja anasamuka. Nambala yake sikugwira."

"Ndiye kugalaja."

"Mawa ndi kutali, alamu. Pali bambo wina akubwera 2 koloko ndi ndalama m'manja. Ine ndimasungira inu chifukwa cha ubale."

"Musawakhumudwitse bambowo," ndinatero. "Apatseni."

Ndinatenga ndodo ya bambo n'kuwapatsa. Amuna anga anali akadagwira sefa ija. Anaibwezera m'bokosi mwake bwinobwino, zolemba zili m'mwamba, n'kutseka tizitsulo tonse. Kenako anapukuta manja pa thalauza.

"Mnzanga," anaitana a Jekete tikuyandikira chipata. "Ukupita osatsanzika? Tinkagawana chofufutira, iwe!"

Amuna anga anaima, n'kutembenuka. "Tsala bwino," anatero, ndipo anagwira bambo pamkono kuwadutsitsa pa ngalande ya pachipata.

Tinakwera minibasi yobwerera kunyumba. Ine ndinakhala kuwindo, misozi ili pafupi, osati chifukwa cha a Jekete koma chifukwa cha mathireyi aja ndinali nditawasanja kale m'mutu mwanga. Titafika, amayi anatiyang'ana kumaso, anayang'ana kumsewu kumene kunalibe galimoto, n'kungoti, "Chikomekome cha mkuyu. Madzi osamba ali pamoto." Sanafunse zambiri.

Kutacha linali tsiku lopereka mazira kusukulu. Ndinadzuka kukadyetsa nkhuku, ndipo pobwera ndinapeza amuna anga atamanga kale mathireyi, asanuasanu, makatoni pamwamba ndi pansi, zingwe zopingasa. Sanachitepo zimenezi osapemphedwa. Tinanyamula pa wilibala mpaka kusiteji, iwo akukankha, ine ndikugwirira m'mbali.

Tili m'njira anati, "Seveni uja."

"Seveni wake uti?"

"Wa m'buku la sevisi. Wokhala ndi kamzere pakati ndi kamchira kopindikira kumanzere. Ndi wa Jekete, ndinakhala naye desiki imodzi zaka zitatu. Ankakopera masamu kwa ine, ndipo aphunzitsi ankatigwira chifukwa cha seveni ameneyo." Anakankha wilibala kudutsa pa mwala mosamala. "Ndinamuzindikira nditangoona tsamba la 70,000. Ndinangosowa pakamwa ponenera."

Ndinangosuntha dzanja langa n'kuliika pa lawo, pa chogwirira cha wilibala, mpaka tinafika.

"Kufupi ndi sukulu yathu kuli pikapu ina ya ofesi ya zaulimi imene amati aigulitsa," anatero tikutsitsa mathireyi. "Ndi yakale, penti inasuluka, mita ili pa 190,000 ndi kanthu. Koma dalaivala wake ndi mmodzi chiigulire, ndipo ali ndi faelo yonenepa chonchi. Ndikafunse?"

"Kafunseni. Koma bambo apita nafe."

"Ndiwagulira sokosi zatsopano," anatero.

Minibasi inafika ikulira ngati chigayo. Kondakitala anadumpha isanaime.

"Amayi a mazira! Ndimayesa munati lero mubwera pa galimoto yanu?"

"Ikubwera. Iwe samala mathireyi angawo. Ukaikapo simenti lero, udya zikhokhombe zake."

Amuna anga anakweza mathireyi okha, kuwaika pansi pa mpando wakumbuyo, n'kutchinga ndi chikwama changa. Atamaliza sanachoke msanga. Anazungulira kuwindo la dalaivala, anapereka moni, n'kulowetsa dzanja kugwira chiwongolero, m'mwamba kenako m'munsi.

"Mukufuna kuigula, aphunzitsi?" anafunsa dalaivala.

"Ndikungophunzira. Mita ikuti angati?"

Dalaivala anaseka n'kugogoda galasi la mita ndi chikhadabo. "Iyi inaima mwana wanga woyamba asanabadwe. Pano ali kusekondale."

Kondakitala anamenya chitseko, ndipo tinanyamuka. Ndinaika phazi langa pa mathireyi kuti asagwedezeke, n'kuyamba kuwerengera mabampu a mumsewu, monga ndimachitira nthawi zonse.